Musanagule magalasi a maso

Lero tikambirane za ndalama zogulira magalasi a maso.

Musathamangire kusitolo. Yambani mwakayezetsa maso, kaya kuchipatala cha maso cha Lions ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kapena ku Nkhoma. Akakuyezani, pemphani pepala la manambala a maso anu. Pepalalo ndi lanu, ndipo mungakafunse nalo mitengo kulikonse.

Tiyerekeze kuti muli ndi zaka 45. Patali mukuona bwinobwino, koma uthenga wa pafoni mukuchita kuutalikitsa kuti muuwerenge. Ngati papepala alemba +1.50 maso onse awiri, magalasi owerengera opangiratu angakukwanireni, ndipo ndi otchipa. Amenewa amapezekanso madokotala a maso akabwera kudera kwanu, ngakhale kuti kawirikawiri amadzera a ng'ala. Mukamva chilengezo, lawirirani.

Koma ngati manambala a maso awiriwo asiyana kwambiri, kapena alemba nambala pansi pa CYL, mufunika okupangirani inuyo. Opangiratu angokupweteketsani mutu. Apa funsani mitengo iwiri padera: wa felemu ndi wa magalasi ake. Felemu yodula siwonjezera kuona, amayi ndi abambo! Ngati yakale ikadali yolimba, funsani ngati angakuikireni magalasi atsopano momwemo. Aja osintha mtundu padzuwa amakweza mtengo; mungawasiye ngati adokotala sanakuuzeni kuti mukufunika amenewo.

Yerekezani mitengo malo awiri kapena atatu, ndipo muwerengere thiransipoti kawiri, poti magalasi ochita kupangitsa nthawi zambiri mumakawatenga tsiku lina.