Kuwongolera wophunzira wa digiri yachiwiri kuti mawu ake alingane ndi umboni

Ndemanga yoti "lembani mwaukatswiri" siithandiza wophunzira, chifukwa akadadziwa polakwika akadakonza kale. Muonetseni chiganizo chenicheni ndi chifukwa chake chikuvuta.

Yambani ndi mutu umene akutanthauzira zomwe wapeza, mutu wa zotsatira uli pambali. Dulani mzere kunsi kwa mawu onse olamula: watsimikiza, onse, nthawi zonse, zimachititsa. Pa lililonse dzifunseni ngati umboni wake ukufika pamenepo.

Tinene kuti wophunzira anacheza ndi alimi 40 a m'mudzi umodzi ku Dedza, ndipo 28 anati anakolola chimanga chambiri atalandira feteleza wotsika mtengo. Iye walemba kuti, "Kafukufukuyu watsimikiza kuti feteleza wotsika mtengo amathetsa njala m'Malawi." Apa walumpha katatu. Mudzi umodzi wasanduka dziko lonse, zonena za alimi zasanduka zokolola zoyezedwa, ndipo mvula ya chaka chimenecho yaiwalika. M'mphepete mulembeni mafunso: "Mwati m'Malawi, koma munafika midzi ingati? Zokololazo munayeza, kapena anachita kukuuzani?" Akayankha yekha adzafika pa chiganizo chonga ichi: "Alimi 28 mwa 40 anati zokolola zawo zinakwera, zomwe zikusonyeza kuti fetelezayu mwina anathandiza m'mudziwu."

Samalani kuti ndemanga yanu isamuopseze. Ophunzira ambiri akadzudzulidwa kamodzi amabwera ndi ziganizo zamantha: "Mwina zikuoneka ngati n'kutheka kuti fetelezayu angathandizeko." Oyesa mayeso akawerenga zotere amaganiza kuti mwini wake sakhulupirira ntchito yake. Muuzeni kuti mawu okayikira amodzi akwana pa mfundo imodzi, ndiponso kuti malo ake ndi pa tanthauzo lokha. Zoti alimi anali 28 anawerenga yekha, azinene molimba mtima. Ine ndimaona kuti mfundo imeneyi ndiyo yofunika kuikhalira pansi maso ndi maso, chifukwa wophunzira waulemu amangoti "chabwino, aphunzitsi" n'kukathira "mwina" paliponse. Mupempheni akufotokozereni pakamwa zimene akuzidziwa ndithu ndi zimene akungoganizira.

Za kalankhulidwe zibwere pambuyo. Mawu a macheza, mafunso okopa owerenga, ndi mawu okwiya onga "boma linalephera mochititsa manyazi" ndi osavuta kuchotsa. Afotokoze chimene chinalephereka ndi umboni wake. Koma musamusiye aganize kuti mawu ataliatali ndiwo ukatswiri. Zoti angalembe "ine" kapena ayi zimasiyana malinga ndi phunziro, choncho onani malamulo a dipatimenti yanu musanamuletse.

Konzani tsamba limodzi lokha, pogwiritsa ntchito Track Changes, ndipo pa kusintha kulikonse lembani chifukwa chake. Masamba otsala akonze yekha, abweretse mutuwo musanapite ku wina. Mukakonza zonse adzangodina Accept All, ndipo zolakwa zomwezo mudzazipezanso m'mutu wotsatira.