Kugawa maina m'kaundula wa pakompyuta

Mlembi wa mpingo ku Chelstone, ngakhale wa gulu la chilimba pamsika wa Kabwata, akamalemba anthu ake mu Excel, kawirikawiri amaika dzina lonse la munthu m'kabokosi kamodzi. Ndipo tsiku limene adzafunsidwa kaundula wokhala ndi dzina loyamba, lapakati ndi la banja, lililonse mumzere wakewake wotsika, amaona kuti ntchito imene inkaoneka yapafupi ili ndi misampha.

Choyamba tidziwe kuti kompyuta sidziwa munthu kapena mtundu wake. Chimene imaona ndi mpata umene uli pakati pa mawu, ndipo ikapeza mpata imadula. Lamulo lotchedwa Text to Columns limatero kumene. Likapeza Kenneth David Kaunda limagawa bwino patatu, koma likafika pa Mainza Chona, amene walembedwa ndi maina awiri okha, limaika Chona mumzere wa maina apakati, ndipo mzere wa banja utsala wopanda kanthu. Nchifukwa chake njira yabwino ndiyo kutenga liwu loyamba, kenaka liwu lomaliza, ndi kuyesa zotsala zonse kuti ndizo zapakati.

Tsono pali maina a banja ophatikiza awiri. Ena ali ndi kamzere kowalumikiza, monga la Mayi Inonge Mbikusita-Lewanika, amene anali kazembe wa Zambia ku Amereka. Amenewa savuta, pakuti pamene palibe mpata kompyuta imawerenga liwu limodzi, malinga inu musaiuze kuti izidulanso pakamzere. Ovuta ndi aja opanda kamzere. Tiyerekeze mayi wa kwa Phiri amene anakwatiwa kwa a Banda nasunga maina onse awiri, nalembedwa Esinati Phiri Banda. Pakuona ndi maso, dzinali silisiyana ndi la Simon Mwansa Kapwepwe, komatu Mwansa ndi lapakati, pamene Phiri Banda lonse ndi la banja. Palibe fomyula imene ingathe kuzindikira chimenechi. Safunsa adadya phula: funsani mwini dzina, kapena muone mmene linalembedwera pachitupa chake cha reji, ndipo mukatsimikiza, ikani chizindikiro `_` m'malo mwa mpata, kuti likhale `Esinati Phiri_Banda`. Chotsaninso maulemu monga Dr ndi Mrs, chifukwa kompyuta idzawayesa maina oyamba.

Musanakhudze kanthu, sungani kaundula wakale padera. Tiyerekeze kuti maina ali mumzere A, kuyambira pa A2. Mu B2 lembani fomyula yoyamba, yochotsa mipata yoposera imene zala zimasiya polemba mofulumira. Mu C2 mutuluke dzina loyamba, mu E2 la banja, ndipo mu D2 lapakati.

```
B2: =TRIM(A2)
C2: =LEFT(B2,FIND(" ",B2)-1)
E2: =TRIM(RIGHT(SUBSTITUTE(B2," ",REPT(" ",50)),50))
D2: =TRIM(MID(B2,LEN(C2)+1,LEN(B2)-LEN(C2)-LEN(E2)))
```

Ya C2 imafuna mpata woyamba nitenga zilembo zonse za kumanzere kwake. Ya E2, imene imaoneka yoopsa, nzeru yake ndi yapafupi: imakuza mpata uliwonse kukhala mipata 50, nidula zilembo 50 zakumapeto, mmene mungapezeke liwu lomaliza lokha pamodzi ndi mipata, ndipo mipatayo ikachotsedwa chotsala ndi Phiri_Banda wathunthu. Ya D2 imatola zimene zatsala pakati; kwa amayi athu aja sipatsala kanthu, ndipo kabokosi kakhala kopanda dzina, monga kuyenera. Kokerani mafomyulawa pansi kufikira dzina lotsiriza.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, pofulumira kuchotsa chizindikiro chija. Yambani mwakopa mizere C, D ndi E, ndi kuimata pomwepo ndi Paste Special, posankha Values, kuti mafomyula asanduke mawu enieni. Pambuyo pake sankhani mzere E, dinani Ctrl+H, ndi kubweza mpata paliponse pali `_`. Mukachotsa chizindikirocho mumzere A mafomyula akadali amoyo, Phiri adzathawira pakati nthawi yomweyo.

Kabokosi kakaonetsa `#VALUE!`, dziwani kuti munthuyo analembedwa ndi dzina limodzi lokha, ndipo fomyula yasowa mpata. Cholakwa chobisika koposa ndi cha iye amene analembedwa moyamba ndi dzina la banja, monga zimachitikira m'makaundula ambiri a sukulu, pakuti apo kompyuta sidandaula konse, ingoika Tembo pamalo pa dzina loyamba. Potero, musanapereke kaundula, werengani mzere wa maina oyamba ndi wa maina apakati kuchokera pamwamba kufikira pansi, ndipo paliponse mupezapo Phiri, Zulu kapena Mwale, imani, mufunse mwini wake ngati dzinalo lili pamalo pake.