Kupeza zaka ndi miyezi yokwanira pogwiritsa ntchito DATEDIF

Ambiri mwa ife tikapita kukaphunzira ntchito kuchipatala kapena kusukulu timapatsidwa mndandanda wa ana wokhala ndi masiku awo obadwa, ndipo timauzidwa kuti tilembe msinkhu wa mwana aliyense. Kusikelo ya ana msinkhu umawerengedwa m'miyezi yokwanira. Katemera woyamba wa chikuku amaperekedwa mwana akakwanitsa miyezi 9, ndipo kulemera kwa mwana kumayerekezeredwa ndi miyezi yake. Tikaphonya msinkhu, mwana angaitanidwe kukatemera nthawi isanakwane, kapena wonenepa bwino angaoneke ngati wonyentchera. M'phunziro lino tiona momwe fomula ya DATEDIF imatithandizira mu Excel.

Kuchotsera wamba kumanama

Titenge mwana amene anabadwa pa 18 Okutobala 2021 ndipo wabwera kusikelo pa 5 Malichi 2025. Tikangochotsera 2021 pa 2025 tipeza zaka 4. Koma mwanayu adzakwanitsa zaka 4 mu Okutobala 2025, choncho pa tsiku la sikelo ali ndi zaka 3 zokha zokwanira.

Ena amawerenga masiku onse n'kugawa ndi 365. Njirayi imaiwala kuti zaka zina zimakhala ndi 29 Febuluwale. Kuchokera pa 10 Malichi 2020 kufika pa 9 Malichi 2025 pali masiku 1,825, ndipo tikagawa ndi 365 tipeza 5 ndendende. Chikhalirecho mwana wobadwa pa 10 Malichi 2020 watsala ndi tsiku limodzi kuti akwanitse zaka 5, ndipo adakali m'gulu la ana osakwana zaka zisanu. DATEDIF sigwa mumsampha umenewu chifukwa imatsata kalendala: imawerenga chaka kapena mwezi pokhapokha tsiku lobadwa litafikanso.

Kalembedwe kake

Fomulayi imafuna zinthu zitatu motsatana: tsiku loyambira, tsiku lothera, ndi chilembo chonena chomwe tikufuna. Chilembo "Y" chimapereka zaka zokwanira. Chilembo "M" chimapereka miyezi yonse yokwanira kuyambira pa kubadwa. Zilembo "YM" zimapereka miyezi yotsala tikachotsa zaka zokwanirazo, ndipo yankho lake silipitirira 11.

Tisadabwe tikaona kuti DATEDIF mulibe pamndandanda wa mafomula a Excel. Inachokera ku pulogalamu yakale ya Lotus 1-2-3, ndipo Excel anaisunga kuti mafayilo akale azigwirabe ntchito. Tiyenera kuilemba tokha yonse. Imagwiranso ntchito mu Google Sheets ndi mu LibreOffice Calc.

Tiyeni tiike tsiku lobadwa m'kabokosi ka B2, ndipo tsiku la sikelo tiliike kamodzi kokha m'kabokosi ka E1 motere:

```
=DATE(2025,3,5)
```

Mu `DATE` timayamba ndi chaka, kenako mwezi, pomaliza tsiku. Tsopano m'timabokosi titatu ta mzere womwewo tilembe:

```
=DATEDIF(B2,$E$1,"Y")
=DATEDIF(B2,$E$1,"YM")
=DATEDIF(B2,$E$1,"M")
```

Kwa mwana wathu wa pa 18 Okutobala 2021, mayankho ndi 3, 4 ndi 40. Titsimikize ndi zala. Anakwanitsa zaka 3 pa 18 Okutobala 2024. Kuchokera apo padutsa 18 Novembala, 18 Disembala, 18 Januwale ndi 18 Febuluwale, yomwe ndi miyezi 4. Tsiku la 18 Malichi silinafike, ndiye mwezi wachisanu suwerengedwa. Zaka 3 ndi miyezi 36, ndipo tikaphatikiza 4 ikukwana 40.

Zizindikiro za `$` zimamangirira kabokosi ka E1 kuti kasasunthe tikamakokera fomula m'munsi kwa ana ena. Tikaziiwala, mzere wachiwiri udzaloza ku E2 komwe kulibe kanthu, ndipo tidzaona `#NUM!`. Kompyuta ina ikakana fomula yolembedwa bwino, tiyese kuika `;` m'malo mwa makoma.

Ngati tikufuna kuti msinkhu uziwerengeka ngati mawu, tingalumikize mafomula awiri:

```
="zaka "&DATEDIF(B2,$E$1,"Y")&", miyezi "&DATEDIF(B2,$E$1,"YM")
```

Izi zilemba kuti zaka 3, miyezi 4. Koma yankho limeneli ndi mawu, si nambala, choncho sitingasanje nalo ana kuyambira wamng'ono kufika wamkulu. Mzati wa "M" tiusunge kuti uzitigwirira ntchito yosanja ndi yowerengera.

Ena amakonda kuika `TODAY()` m'malo mwa E1. Ndi zabwino ngati tikufuna msinkhu wa lero, koma yankho lake limasintha tsiku lililonse. Lipoti la sikelo ya mu Malichi tikalitsegula mu Juni, ana onse adzakhala atakula ndi miyezi itatu. Pa lipoti tiike tsiku lokhazikika.

Cholakwa chosalira belu

Zolakwa zina zimadziulula zokha. `#NUM!` ikutanthauza kuti tsiku loyambira lili kutsogolo kwa tsiku lothera. `#VALUE!` ikutanthauza kuti Excel sakuona tsiku, akuona mawu chabe. Kuti tidziwe, tilembe `=ISNUMBER(B2)`. Ikayankha `FALSE`, tsikulo lilembedwenso.

Choopsa kwambiri n'chimene sichionetsa chizindikiro chilichonse. Ife timalemba tsiku poyamba, mwezi pambuyo. Makompyuta ambiri amabwera atakonzedwa mwa Chimereka, momwe mwezi umayamba. Pa kompyuta yotere, tikalemba 18/10/2021 Excel amaona kuti kulibe mwezi wa 18, ndipo amasiya zolembazo ngati mawu. Apo tili ndi mwayi, chifukwa fomula idzadandaula. Koma tikalemba 05/11/2024 kutanthauza 5 Novembala, Excel amalandira mwakachetechete ngati 11 Meyi. Pa 5 Malichi 2025 khanda limeneli lili ndi miyezi 4 yokha, koma fomula idzati miyezi 9, ndipo dzina lake lidzalowa pamndandanda wa oyenera katemera wa chikuku. Fomula sinalakwe, yangowerenga tsiku lomwe yapatsidwa.

Mankhwala ake ndi osavuta. Tisankhe mzati wonse wa masiku obadwa, tidine `Ctrl+1`, ndipo pa `Custom` tilembe `dd-mmm-yyyy`. Mwezi udzaoneka m'zilembo, ndipo tingayerekeze masiku angapo ndi zomwe zili m'mabuku a ana akuchipatala. Chizindikiro china n'chakuti masiku ena amatsamira kumanzere kwa kabokosi pamene ena ali kumanja. Tikaona zimenezi, tikayikirenso ngakhale a kumanjawo.

Kabokosi kopanda kanthu nakonso kamapusitsa. Excel amakatenga ngati ziro, ndipo ziroyo imagwera kumayambiriro kwa chaka cha 1900, kotero mwana wopanda tsiku lobadwa amapatsidwa zaka 125. Titseke khomo limeneli motere:

```
=IF(B2="","",DATEDIF(B2,$E$1,"M"))
```

Malire ake

Kumapeto kwa mwezi kumafuna chidwi. Khanda lobadwa pa 31 Januwale 2025 limakhalabe ndi miyezi 0 pa 28 Febuluwale, ndipo limapatsidwa mwezi umodzi pa 1 Malichi. Wobadwa pa 29 Febuluwale 2020 amawerengedwa zaka 4 pa 28 Febuluwale 2025 ndipo zaka 5 m'mawa mwake. Palinso zilembo "MD" zopezera masiku otsala, koma eni ake a Excel amachenjeza kuti zingapereke yankho lolakwika, ngakhale nambala yochepera ziro. Pa zaka ndi miyezi sitizifuna.

Tiyese tokha

Mwana anabadwa pa 27 Juni 2023 ndipo tsiku la sikelo ndi lomwe lija la 5 Malichi 2025. Tiyambe kuwerenga ndi zala tisanalembe fomula. Tiyenera kupeza 1 pa "Y", 8 pa "YM" ndi 20 pa "M". Tikatero tisinthe E1 kukhala 27 Malichi 2025. Miyezi ikuyenera kukwera kufika 9 ndi 21, koma chaka chikhalebe 1.