Phunziro Likasowa pa Satifiketi: Mmene Mungalembere Kalata ku MANEB

Mwana wapita kusukulu kukatenga satifiketi yake ya MSCE, wabwera nayo kunyumba, koma powerenga mukupeza kuti maphunziro ndi asanu pamene iye analemba asanu ndi limodzi. Makolo ambiri zikatere amafuna kukwera basi mawa lomwe kupita ku Zomba, kumene kuli likulu la bungwe loyendetsa mayeso la MANEB. Musathamange. Chimene chimathandiza pa nkhani ngati imeneyi ndi kalata yaifupi yokhala ndi umboni, yodzera kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene mwanayo analembera mayeso.

Tiyerekeze kuti mwana wanu wamkazi ali ndi 4 pa Chingerezi, 3 pa Chichewa, 6 pa Masamu, 5 pa Zaulimi ndi 5 pa Jogalafe, koma Bayoloje palibe. Magiredi a MSCE amayambira pa 1 kulekezera pa 9, ndipo kuyambira 1 mpaka 6 ndiwo amawerengedwa polowera ku yunivesite za boma, kumene amafuna makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Mwana uyu ali ndi asanu okha. Phunziro limodzi losowalo likhoza kumutsekera khomo.

Yambani mwadziwa chimene chasowa

Musanagwire cholembera, ikani satifiketi pambali pa kapepala ka zotsatira kamene mwana analandira mayeso atangotuluka. Ngati kapepalako kataika, pemphani mphunzitsi wamkulu akuonetseni mndandanda wa zotsatira umene sukulu inalandira.

Ngati pa kapepalako Bayoloje alipo ndi giredi yokhoza, koma pa satifiketi palibe, nkhani yanu ndi yopepuka: giredi ilipo, mukungopempha kuti satifiketi ikonzedwe. Ngati pali 9, giredi sinasowe ayi, mwana sanakhoze, ndipo chimene mungapemphe ndi kuchonganso pepala, pempho losiyana ndi ili, lokhala ndi malipiro ndi nthawi yake. Koma ngati paliponse palibe giredi, kapena akuonetsa kuti mwana sanabwere kudzalemba pamene iye analemba, pamafunika kufufuza.

Apa khalani pansi ndi mwanayo, mumufunse modekha ndipo akuuzeni zoona. Kodi Bayoloje anali pa mndandanda wa maphunziro amene analembetsa ndi kulipira? Kodi analemba mapepala onse a phunziroli, kuphatikizapo la pulakitiko? Kodi nambala yake ya mayeso anailemba bwino pa pepala lililonse? Kodi panachitika vuto lililonse m'chipinda cha mayeso tsikulo? Zotsatira zimatha kugwiridwa ngati pali chikayiko cha chinyengo, ndipo pepala lopanda nambala kapena la nambala yolakwika limavuta kulipezera mwini wake. Ngati mwana anajomba pepala limodzi, kalata siingamupatse giredi ya zimene sanalembe.

Sonkhanitsani umboni

Umboni wamphamvu kuposa wonse ndi kaundula wa opezeka pa mayeso, amene amaonetsa amene analowa m'chipinda pa pepala lililonse. Kaundulayu sakhala m'manja mwa makolo, n'chifukwa chake mphunzitsi wamkulu ndi wofunika kwambiri. Mupempheni alembe kalata yake yotsimikiza kuti mwanayo analembetsa phunziroli ndipo analemba mapepala onse, asaine ndi kudinda chidindo cha sukulu.

Inu konzani mafotokope a satifiketi, kapepala ka zotsatira, chiphaso cha mayeso ndi lisiti kapena uthenga wotsimikiza kuti munalipira. Mafotokopewo ndi bwino adindidwe kuti ndi ofanana ndi mapepala enieni. Satifiketi yeniyeni isungeni kunyumba kufikira bungwelo litaiitanitsa, ndipo poipereka musainirane.

Kalembedwe kake

Kalata ikhale ya tsamba limodzi, yolembedwa m'dzina la mwana amene analemba mayeso. Pamwamba pakhale keyala yake, nambala ya foni imene imagwira ndi deti. Kenako keyala ya wolandira, yolembedwa chonchi:

```
The Executive Director
Malawi National Examinations Board
P.O. Box 191
Zomba
```

Pansi pake lembani kuti kalatayo ikudzera kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo siyani malo oti asainepo. Mutu wa kalata unene zonse pamzere umodzi: phunziro losowa, mtundu wa mayeso ndi chaka. Makalata a kumaofesi ambiri amalembedwa m'Chingerezi, choncho mwana kapena mphunzitsi akhoza kuika mfundozi m'chilankhulocho, koma thunthu lake likhale motere:

"Bwana, ine ndinalemba mayeso a MSCE m'chaka chakuti pa sukulu yakuti, nambala ya senta yakuti, nambala yanga ya mayeso yakuti. Ndinalembetsa maphunziro asanu ndi limodzi ndipo ndinalemba mapepala onse a Bayoloje. Pa satifiketi imene ndalandira pali Chingerezi, Chichewa, Masamu, Zaulimi ndi Jogalafe, koma Bayoloje palibe. Ndikupempha kuti mufufuze zotsatira za phunziroli ndi kundipatsa satifiketi yokonzedwa. Ngati kukonzako kutenge nthawi, ndikupemphanso kalata yotsimikiza giredi yanga, chifukwa ndikufuna kufunsira malo ku yunivesite. Ndaphatikiza mafotokope anayi ndi kalata ya mphunzitsi wamkulu. Ine wanu mwaulemu."

Taonani kuti mulibe mkwiyo, mulibe kuloza munthu chala, mulibenso mbiri ya mmene banja linavutikira kupeza fizi. Zonsezo n'zoona ndipo zimapweteka, koma wogwira ntchito amene adzatsegule envulopu akufuna dzina, nambala, chaka ndi phunziro kuti apeze mbiri ya mwanayo. Dzina lilembedwe ndendende monga linalembedwera polembetsa mayeso. Ngati mtsikana anakwatiwa n'kusintha dzina, agwiritse ntchito lakale lija. Nambala ya mayeso muiwerenge kawiri, manambala amodziamodzi, mukuyang'ana pa chiphaso.

Kutumiza ndi kulondola

Jambulani kalata yonse ndi zophatikiza zake, musunge kope yanu mufayelo. Ngati ikupita ndi sukulu, lembani tsiku limene mwaipereka. Ngati mukutumiza nokha papositi, gwiritsani ntchito njira ya rejisitala ndipo sungani lisiti. Ngati mwakapereka pamanja, pemphani akudindireni kope yanu kusonyeza kuti alandira. Funsaninso mphunzitsi wamkulu za tsiku lomaliza lolandirira madandaulo, chifukwa zotsatira zikatuluka bungweli limapereka nthawi yochitira zimenezi. Dandaulo la phunziro losowa ndi loyenera kulipereka pomwe kapepala ka zotsatira kafika, osadikira satifiketi, popeza pepala la mayeso limapezeka msanga chaka chisanapite patali. Pakadutsa masabata angapo osamva kanthu, lembani kalata ina yaifupi yokumbutsa, mutchule deti la kalata yoyamba.

Pali zinthu ziwiri zoti mupewe. Musalembepo kanthu pa satifiketi, ngakhale ndi pensulo, ndipo musalole munthu wa makompyuta kuti awonjezerepo phunzirolo, pakuti kutero ndi mlandu wopanga zikalata zachinyengo ndipo mwana akhoza kutaya ngakhale maphunziro asanu amene anakhoza bwinobwino. Musaperekenso ndalama kwa aliyense wonena kuti ali ndi mnzake wamkati. Ngati pali malipiro, aperekedwe m'njira imene bungwelo lanena ndipo mulandire lisiti.

Makolo anzanga, mwana akabwera ndi kapepala ka zotsatira, werengani naye phunziro lililonse tsiku lomwelo. Mukapeza lina palibe, m'mawa mwake mukaonane ndi mphunzitsi wamkulu mutanyamula chiphaso ndi lisiti.