Chubu chatsopano, koma chikungophethirabe



Ndili ndi golosale panjira yochokera ku Jali kupita kudoko la Kachulu. Getsi la m'golosalemo ndi lachubu chachitali, cha mawati 36. Mwezi wathawu linayamba kuphethira: liyake, lithime, liyakenso, kwinaku kakumveka kaphokoso koti the-the-the. Ndinagula chubu china ku Zomba, koma palibe chasintha. Anzanga akuti choki yapsa. Kuchipinda kuli getsi lina lofanana nalo lomwe likuyaka bwinobwino. Asodzi amagula madzulo, ndiye mdimawu ukundithawitsira makasitomala. Ndigule chokiyo?

Wagolosale, Zomba

Yankho

Bambo, ndalama ya choki isungeni kaye. Pa zinthu zitatu zimene zimayatsa getsi lotere, choki ndiyo imakhalitsa, pomwe kofulumira kutha ndi kasitata, kachitini koyera kaja kotuluka m'mbali mwa chitsulo cha getsi. Ndiko kotchipa pa zonse, koma ambiri amakaiwala posintha chubu.

Kaphokoso mukumvako ndi ka sitata. Mukayatsa swichi, timapazi tiwiri ta m'kati mwake timakhudzana kuti tiwaya ta kumapeto kwa chubu titenthe. Tikalekana, choki imaponya mphamvu yochuluka kamodzi n'kamodzi, mpweya wa m'chubu n'kuyaka. Apo sitata yamaliza ntchito ndipo iyenera kukhala chete, choki n'kumangochepetsa magetsi kuti chubu chisapse. Sitata yotopa siikhala chete. Imakhudzitsanso timapazi tija chubu chitayaka kale, n'kuchithimitsa, kenako n'kuyambiranso. Chubu chanu chakale chija chikamaphethira masabata onsewo chinali kuitopetsa sitatayo, n'chifukwa chake timati ziwirizi zizisinthidwa pamodzi.

Muli ndi mwayi poti kuchipinda kuli getsi lamoyo. Thimitsani magetsi pa meni swichi, pondani pampando wouma, zungulitsani sitata ya kuchipindako pang'ono chakumanzere n'kuisolola, muiike m'golosale. Likayaka n'kukhazikika, mlandu watha. Pokagula, werengani pachitinipo: ya chubu chimodzi cha mawati 36 imalembedwa S10 kapena 4-65W. Yolembedwa S2 kapena 4-22W ndi ya timachubu tatifupi, ndipo pa chanucho ingayambitsenso kuphethira komweko. Sitata imalephera mwanjira inanso: timapazi tikamatirirana, nsonga ziwiri za chubu zimangofiira osaleka, pakati pali bii.

Likapitiriza kuphethira, bwezerani sitata ija kuchipinda, mupititsekonso chubu chatsopanocho. Chatsopano nacho chimatha kukhala chakufa, makamaka chitagwedezeka pa kabaza. Chubu chotha chimadziwika ndi kuda kwa nsonga zake, nthawi zina n'kuwala kofiirira. Mukamachibwezera, chizungulitseni mpaka timapini tigwire ndithu, ndipo musuzumire m'timipando take. Kunyanja kuno chinyontho chimadyetsa dzimbiri tizitsulo ta mkatimo, tizilombo tothamangira kuwala n'kumaferanso momwemo. Magetsi ali othima, pukutani ndi kansalu kouma.

Choki tiiganizire pomaliza, chubu ndi sitata zonse zitayaka kuchipinda koma zikukana m'golosale. Kawirikawiri siibisa matenda ake. Imalira mokweza kuposa kale, imanunkha zopsa, utoto wa pachitsulo pamene yakhalapo umasanduka wachikasu kapena wofiirira. Waya wake akaduka m'kati, getsi limangoti zii, sitata osalira n'komwe, ndiye poti lanu likuyesa kuyaka, yanu siinaduke. Choopsa ndi pamene mawaya a m'kati akhudzana, chifukwa imalola magetsi ochuluka: chubu chatsopano chimang'anima kamodzi n'kufa pomwepo. Zikatero musaikenso china, mungowotcha ndalama. Kusintha choki kumafuna kumasula mawaya, choncho itanani mmisiri wa zamagetsi, aonenso ngati chitsulo cha getsilo chili ndi waya wopita kunthaka.

Mwati asodzi amabwera madzulo, ndiye taonetsetsani chinthu china. Ngati getsi limayaka bwino masana n'kumavuta cha m'ma 6 koloko, mababu ena nawonso akufooka, vuto silili mwa zitatuzi. Magetsi athu ayenera kukhala pa mavoti 230, koma nyumba za kumapeto kwa mzere wautali zimalandira ochepa anthu onse akayatsa zawo, ndipo getsi la choki limavutika kuyaka akatsika kwambiri. Apo, kapena choki ikapezeka yakufa, ine ndingasankhe chubu cha LED, chomwe chimawala mofanana pa mawati pafupifupi 18 ndipo zambiri zimapirira magetsi ofooka. Mmisiri atsate kalumikizidwe kojambulidwa pakatoni yake, popeza zina zimafuna kuti choki ndi sitata zichotsedwe.

Chubu chakale chija musachiswe kapena kuchitaya kudambo. Muli mekyule pang'ono, yomwe ndi poizoni, ndipo nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Chibwezereni m'katoni ya chatsopanocho, muchisunge poti ana sangafikepo.