Mapazi akamaotcha, mutu ukakana kupola: uthenga kwa mabanja omwe ali ndi HIV

HIV imatha kufika ku mitsempha ndi ku ubongo. Zina mwa zizindikiro zake zingadikire tsiku lanu lokatenga mankhwala, koma zina sizofunika kugona nazo m'nyumba. Aliyense pakhomo adziwe kusiyanitsa kwake.

Tiyambire kumapazi. Vutoli limayambira kuzala ndi kunsi kwa mapazi onse awiri: dzanzi, kuotcha ngati mwaponda phulusa lamoto, kapena kubayabaya, makamaka usiku. Limakwera pang'onopang'ono kulowera kumawondo. HIV payokha imatha kuyambitsa zimenezi, komanso mowa, matenda a shuga, ndi aisoniyazidi, mankhwala ochiza ndi kupewa TB. N'chifukwa chake aisoniyazidi amaperekedwa pamodzi ndi vitamini B6. Musamasiye kambewu kameneka poganiza kuti n'kongowonjezera. Kauzeni achipatala msanga kuti akuyezeni shuga ndi kuonanso mankhwala anu. Alipo mankhwala ochepetsa ululu, monga amitiriputilini womwa usiku, koma mitsempha yomwe yaonongeka kwa nthawi yaitali sibwerera yonse mwakale. Phazi ladzanzi silimva minga kapena moto, choncho valani nsapato, musaothe moto pafupi, ndipo madzulo aliwonse yang'anani kunsi kwa mapazi ngati kuli bala.

Mutu ndiye wosafunika kuzengereza nawo. Tiyerekeze bambo amene anasiya ma ARV chaka chatha atapita kutali kukagwira ntchito. Wabwerako, mutu ukumupweteka sabata yachiwiri tsopano. Panado sakuthandiza, malungo anayezetsa sanapezeke. Wayamba kusanza, kuwala kukumusowetsa mtendere, nthawi zina akuona zinthu ziwiriziwiri, ndipo dzulo analankhula zosagwirizana. Abale ena akuti walodzedwa. Munthu ameneyu apite kuchipatala chachikulu lero lomwe, ngakhale thupi lisakutentha ndipo khosi lisanaume.

Chomwe madokotala amayamba kuganizira ndi matenda oumitsa khosi obwera ndi kiriputokokasi. Aka ndi kachilombo ka mtundu wa nkhungu kopezeka m'dothi ndi m'zitosi za mbalame. Timakapuma tonse, ndipo sikachoka kwa munthu kupita kwa mnzake. Kamapeza mpata chitetezo chikatsika kwambiri, CD4 ikafika pansi pa 200, makamaka pansi pa 100. Kakafika ku ubongo kamatseka njira za madzi ozungulira ubongowo, madziwo n'kumapanikiza. Mutu wosapolawo umachokera pamenepo.

Kuchipatala adzapempha kuchotsa madzi a pamsana. Mabanja ambiri amakana, poti anamva kuti wina anachotsedwa madzi n'kumwalira. Chonde musakane. Nthawi zambiri amene anamwalirawo anafika matenda atakula kale. Madziwo ndi amene amaonetsa ngati vuto ndi kiriputokokasi, TB ya mu ubongo kapena kachilombo kena, ndipo kuwachotsa kumaphwetsa kupanikizika, moti ambiri mutu umapepuka tsiku lomwelo. Angafunike kuchotsedwa kangapo. Chithandizo chimayamba ndi mankhwala a mudiripi ndi a kumwa kwa masabata awiri, kenako fulukonazo tsiku ndi tsiku kwa chaka kapena kupitirira. Ma ARV amayambidwa kapena kuyambiranso pakapita masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, chifukwa chitetezo chikadzuka mofulumira ubongo umatha kutupa. Musamuyambitse nokha mabotolo akale omwe ali m'nyumba.

Matendawa amatha kugwidwa mutu usanayambe. Amene wangopezeka kumene ndi HIV, kapena akubwerera atasiya mankhwala, afunse zoyezetsa CD4. Ikakhala yotsika, magazi amayezedwanso kiriputokokasi, ndipo kakapezeka, munthu amatha kuyamba fulukonazo asanadwale. Bakitirimu nayenso musamupeputse: amateteza ku kachilombo kena ka mu ubongo komwe kamafoola mbali imodzi ya thupi ndi kugwetsa munthu ngati wa khunyu. Kufooka mbali imodzi, kukomoka kapena kusokonezeka mwadzidzidzi, zonsezi n'zothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo.

Kuiwalaiwala kumabwera mwakachetechete, m'miyezi. Mayi wodziwa kuwerengera ndalama za geni ayamba kusokoneza chenji, achedwa kuyankha, aiwala ngati wamwa mankhwala. Si ulesi ndipo si misala. Ambiri amapezako bwino ma ARV akamamwedwa mosadumphitsa, koma achipatala ayenera kuona kuchuluka kwa HIV m'magazi, ndi kufufuzanso matenda okhumudwa, mowa ndi mankhwala ena. Pakhomo musamukalipire. Sankhani munthu mmodzi woti azimukumbutsa pa ola lomwelo, kuchonga pa kalendala ndi kumuperekeza kuchipatala, chifukwa wosamalira ndi amene amaona kusintha komwe wodwalayo sangafotokoze.

Ngati pakhomo panu pali amene anasiya ma ARV, mutengeni abwerere kuchipatala sabata ino ndi buku lake la zaumoyo, mutu usanayambe.