Phunziro la kompyuta: mafonti atatu okwanira pepala lathu la mayeso

Pepala la mayeso limene tinakonza pa kompyuta ya kusukulu linali la masamba awiri. Titapita nalo pa fulashi kokasindikiza ku boma la Karonga, linatuluka la masamba atatu. Mawu a Chiarabu anasintha maonekedwe, ndipo funso lomaliza linagwera tsamba lakelake. Pulinta sinalakwe. Kompyuta ya kumeneko inalibe fonti imene ife tinalembera, choncho inangosankha ina m'malo mwake.

Fonti ndi kafayilo kamene kamauza kompyuta mmene chilembo chilichonse chizionekera. Fayilo ya Word nthawi zambiri imangonyamula dzina la fonti, fontiyo n'kutsala pa kompyuta imene munalembera. Komanso si fonti iliyonse imene ili ndi zilembo zonse. Kuno ku Mwenilondo timafuna chilembo cha ŵ, chimene chili m'mawu a Chitumbuka ngati ŵana ndi ŵapapi, ndiponso timafuna Chiarabu chokhala ndi fatha, kasra ndi dhamma.

Ife tasankha mafonti atatu aulere, onse opangidwa ndi bungwe la SIL. Charis SIL ndi ya nkhani yonse, Andika ndi ya mitu, ndipo Scheherazade New ndi ya Chiarabu. Charis SIL ili ndi timichira kumapeto kwa zilembo, pamene Andika ilibe. Kusiyana kumeneku n'kumene kumathandiza diso kuzindikira msanga kuti apa ndi mutu, apa ndi funso. Mukaphatikiza mafonti awiri ofanana kwambiri, owerenga amangoona ngati mwalakwitsa penapake.

Kuika fonti pa Windows sikuvuta. Mukaitenga pa intaneti imabwera mu fayilo yomangidwa ya `.zip`. Dinani fayiloyo ndi batani lakumanja la mausi, musankhe `Extract All`. M'kati mupezamo mafayilo othera ndi `.ttf`. Charis SIL ili ndi zilembo wamba, zakuda kwambiri, zopendekeka, ndi zakuda zopendekeka, chilichonse m'fayilo yakeyake. Ikani onse, chifukwa mukaika imodzi yokha kompyuta imangonenepetsa kapena kupendeketsa zilembo mwa iyo yokha, ndipo sizioneka bwino. Sankhani mafayilowo, dinani batani lakumanja, kenako `Install`. Pa kompyuta imene anthu ambiri amalowa ndi mayina awo, sankhani `Install for all users`, apo ayi fontiyo aziiona ndi munthu mmodzi yekha. Mukatero tsekani Word n'kuitsegulanso.

Musanayambe kulemba, iyeseni fontiyo. Lembani `U+0175` kenako dinani `Alt+X`, patuluka ŵ. Chilembo chachikulu ndi `U+0174`. Musasiye `U+` uja, chifukwa polemba dzina loti Malaŵi, Word imawerengera a wa kumbuyo pamodzi ndi manambalawo, ndipo ŵ satuluka. Ngati patuluka kabokosi, kapena ŵ akuoneka wosiyana ndi zilembo zoyandikana naye, dziwani kuti fontiyo ilibe chilembochi.

Tsopano za kukula kwa zilembo. Pa pepala lathu nkhani tinaipatsa 11, mitu 14. Chiarabu cha 11 chinaoneka chaching'ono moti dhamma sankasiyana bwino ndi fatha, ndipo pa mayeso a kuwerenga zimenezi zikhoza kumulepheretsa mwana amene anakonzekera. Tinachikweza kufika pa 16. Pamenepo tinaona kuti zizindikiro za pamwamba zadulidwa. Chinachititsa ndi mpata wa pakati pa mizere, umene unali pa `Exactly`. Titausintha kukhala `Single`, zonse zinaoneka.

Musamasinthe fonti mzere ndi mzere, mudzaiwala wina. Pa `Home` pali `Styles`. Dinani `Normal` ndi batani lakumanja, musankhe `Modify`, muike Charis SIL 11. Chitani chimodzimodzi pa `Heading 1` ndi Andika 14. Mutu uliwonse umene mwaupatsa `Heading 1` ufanana ndi unzake, ndipo mukafuna kusintha mumasintha kamodzi kokha.

Chomaliza ndicho chikanatipulumutsa tsiku lija. Pepala likatha, pitani pa `Save As` musankhe `PDF`. Fayilo yotere imanyamula zilembo zake, choncho kosindikiza imatuluka monga munaionera. Itseguleni muwerenge masamba musanachotse fulashi. Ya Word ija isungeni kuti mudzakonzere zolakwika.

Ophunzira, ntchito yanu sabata ino ndi iyi: lembani tsamba limodzi lokhala ndi mutu, ndime ya Chichewa kapena Chitumbuka yokhala ndi ŵ, ndi mzere umodzi wa Chiarabu, mulisunge ngati `PDF`. A komiti ya mzikiti, tikupempha kuti makalata ndi zidziwitso zanu zizilembedwanso ndi mafonti atatu omwewa, kuti kholo likalandira pepala lizizindikira kuti lachokera kwathu.